Kalata kwa mphunzitsi wa timu yokhudza kiriyetini

Kwa Bambo Banda,
Mphunzitsi wa timu ya anyamata osapitirira zaka 17

Okondedwa Bambo,

Ndine mayi ake a Yamikani, mnyamata wa zaka 15 amene amasewera kumbuyo m'timu yanu. Ndikuthokozani chifukwa chomusunga bwino mwanayu, pakuti chiyambireni kusewera pansi pa inu wasintha khalidwe ndipo amasunga nthawi. N'chifukwa chake ndasankha kukulemberani inuyo ndisanalankhule ndi wina aliyense pa nkhani imene yandisowetsa tulo.

Loweruka lapitali, pamene ndimatulutsa yunifolomu m'chikwama chake kuti ndichape, ndinapeza kapepala kapulasitiki komangidwa mfundo katabisidwa m'kati mwa nsapato, muli ufa woyera ndi kasupuni kakang'ono. Panalibe dzina, tsiku lothera mphamvu kapena malangizo alionse. Nditamufunsa, anayamba wazolika, kenako anavomera kuti ndi kiriyetini, kuti anamugawira mnzake wamkulupo wa m'timu momwemo, ndiponso kuti wakhala akusungunulira m'botolo lake la madzi kwa masabata atatu. Mawu ake amene anandibaya mumtima ndi akuti, "Amayi, aliyense akumwa, ndipo ndikapanda kumwa andisiya pa benchi."

Sindinafune kukulemberani ndili wosadziwa kanthu, choncho ndinawerenga ndi kufunsa dokotala wathu. Ndamva kuti kiriyetini si mankhwala ozunguza bongo, kuti thupi limapanga lokha m'chiwindi ndi mu impso, kuti amapezekanso m'nyama ndi m'nsomba, ndipo amasungidwa m'minofu kuti athandize pa mphamvu ya kanthawi kochepa, monga kuthamanga mwadzidzidzi kapena kudumphira mpira wa mutu. Ndamvanso kuti bungwe la WADA, lolimbana ndi mankhwala oletsedwa m'masewero pa dziko lonse, silinamuike pa mndandanda wa zinthu zoletsedwa pa masewero. Sindikunena kuti mwana wanga wapalamula mlandu ayi.

Komabe mtima wanga sunakhazikike. Kafukufuku wambiri wosonyeza kuti kiriyetini savulaza anachitika pa anthu akuluakulu athanzi, pomwe bungwe la madokotala a ana la ku America limalangiza kuti ana osakwana zaka 18 asagwiritse ntchito zinthu zotere pofuna kuchita bwino pa masewero. Muyeso umene akuluakulu amamwa kawirikawiri ndi magalamu 3 mpaka 5 pa tsiku, ngakhale ena amayamba ndi magalamu 20 pa tsiku kwa masiku 5 mpaka 7, koma Yamikani amangotapa ndi supuni monga mmene mnzakeyo anamuonetsera, ndipo iye mwini sakudziwa kuchuluka kwa zimene wamwa. Sabata yoyamba anadandaula kawiri za m'mimba, ine n'kumaganiza kuti wadya china chake chosayenera. Iye akusangalala kuti sikelo yakwera ndi kilogalamu imodzi ndi theka, osadziwa kuti kulemera koyambirira kotere nthawi zambiri amakhala madzi amene minofu yasunga.

Chimene chikundiopsa kwambiri ndi ufa wopanda dzinawo. Zinthu zowonjezera mphamvu siziyang'aniridwa mokhwima ngati mankhwala a kuchipatala, ndipo zina zapezekapo zitasakanizidwa ndi mankhwala oletsedwa amene sanalembedwe n'komwe pa botolo. Ngati za m'botolo lomata zimatha kukhala choncho, nanga za m'kapepala kodutsa m'manja mwa ana? Pali chinanso chimene simukanachidziwa: bambo ake a Yamikani akhala akuvutika ndi impso kwa zaka 6 tsopano, ndipo dokotala wanena kuti pa chifukwa chimenechi mwanayu ayezedwe kaye, asapitirize kumwa chilichonse chotere.

Tsono ndikupempha kuti mundiuze mosabisa: kodi mukudziwa kuti anyamata akugawana ufa umenewu? Kodi alipo wamkulu wina wa timu, kaya wothandizira wanu kapena woona za masewero olimbitsa thupi, amene anawalimbikitsa kapena kuwagulitsa? Ndipo kodi timu ili ndi lamulo lililonse lolembedwa pa nkhani ya zinthu zotere?

Ufawo ndaulanda ndipo ndausunga kuti mudzauone. Dzina la mnyamata amene anamugawira sindinalilembe dala, chifukwa nayenso ndi mwana wa wina ndipo sindikufuna kuti achititsidwe manyazi; chonde Yamikani nayenso asaonekere kwa anzake ngati kazitape. Ndikanakonda mutaitana makolo tonse ku msonkhano pamodzi ndi munthu wa zachipatala, komanso mutawauza anyamatawo ndi pakamwa panu kuti malo m'timu satengera ufa, pakuti mawu anu amawamva kuposa athu.

Ndidzabwera ku bwalo Lachitatu mukamamaliza zokonzekera, ndipo ngati tsikuli silikuyenerani, mundiuze lina kudzera pa nambala imene ndinalemba pa fomu ya Yamikani.

Ine wanu,
Mayi Mwale