Mgwirizano Wakufa, Wotheka Kuthetsedwa ndi Wosakakamizika: Mafunso ndi Mayankho a Chaka Chachiwiri

Awa ndi mafunso omwe ophunzira zamalamulo a chaka chachiwiri adafunsa pa maphunziro obwereza a nthawi ya holide ku Mangochi Boma. M'pepalali, mgwirizano wakufa ndi uja mabuku amati voyidi, wotheka kuthetsedwa ndi voyidabo, ndipo wosakakamizika ndi anenifosabo.

Aphunzitsi, itatu yonseyi ili ndi chilema. Kusiyana kwake kuli pati?

Wakufa sudabadwe n'komwe. Malamulo amauona ngati sudachitike, choncho supereka ufulu kapena udindo kwa aliyense, ndipo umwini wa katundu suchoka kwa mwini wake. Wotheka kuthetsedwa ndi wamoyo ndipo umagwira ntchito zonse, kungoti wolakwiridwayo ali ndi mphamvu youthetsa kapena kuusunga. Wosakakamizika ndi wamoyonso ndipo palibe angauthetse chifukwa cha chilema chakecho, koma wokana kuukwaniritsa khoti silingamukakamize.

Musaloweze matanthauzowa okha. Pa nkhani iliyonse dzifunseni kuti: pa tsiku lakutilakuti, katunduyu adali wa yani? Yankho lake ndilo limalekanitsa itatuyi.

N'chiyani chimapha mgwirizano chiyambire?

Kawirikawiri ndi kulakwitsa kwakukulu kokhudza maziko enieni a mgwirizano. A Saidi akugulitsa bwato lawo kwa a Jafali ku Makawa, onse osadziwa kuti bwatolo lidaphwasuka ndi mwera usiku wathawo. Chogulitsa palibe, mgwirizano palibe, ndipo ndalama zomwe a Jafali adapereka ziyenera kubwezedwa. Werenganinso Couturier v Hastie wa 1856 pamodzi ndi lamulo la kugulitsa katundu, Chaputala 48:01.

Samalani ndi mgwirizano woswa lamulo, monga wogulitsana chamba popanda chilolezo. Khoti siliukwaniritsa, komanso nthawi zambiri silithandiza wopereka ndalama kuti abwezeredwe. Si wakufa uliwonse womwe umabweza ndalama.

Munthu akanamizidwa, bwanji mgwirizano sungofa? Chinyengo si choipa kuposa kulakwitsa?

Apa ndi pomwe ambiri mumataya malikisi. Kukula kwa tchimo sindiko kumagamula. Wonamizidwa, woopsezedwa kapena wokakamizidwa ndi munthu yemwe amamudalira adavomeradi, ngakhale kuvomerako kudapezeka mokhota. Malamulo amamusiyira iye kusankha, pakuti mwina malondawo amukomerabe. Wonamizayo alibe mphamvu yothetsa.

Tiyerekeze kuti mayi Asiyatu agulitsa injini ya boti pa K4,000,000 Lolemba kwa bambo wina yemwe wabwera yekha pakhomo, nadzitcha mwini loji ina ya ku Monkey Bay, n'kupereka cheke chabodza. Lachitatu bamboyo agulitsa injiniyo kwa a Twaibu, omwe sakudziwa kanthu ndipo alipira mtengo woyenera. Lachisanu banki ikana chekecho. Mayi Asiyatu achedwa: Lachitatu mgwirizano udali wamoyo, wachinyengoyo adali ndi umwini, ndipo adaupereka kwa a Twaibu. Chomwe chawatsalira ndi kusumira wachinyengoyo, ngati angapezeke. Umu ndi momwe adagamulira Phillips v Brooks mu 1919 ndi Lewis v Averay, womwe uli m'mabuku a milandu a 1972: ukamagulitsa maso ndi maso, khoti limayamba ndi ganizo lakuti umafuna kugulitsa kwa munthu amene waima pamaso pakoyo.

Nanga bwanji mu Cundy v Lindsay mwini katundu adapambana?

Chifukwa kumeneko, mu 1878, zonse zidachitika pa makalata. Wachinyengo wina dzina lake Blenkarn, poitanitsa katundu kwa a Lindsay, adasaina mofanizira dzina la kampani yodziwika ya Blenkiron, ndipo a Lindsay ankafuna kugulitsa kwa kampaniyo basi, osati kwa munthu yemwe sankamudziwa n'komwe. Khoti lidati mgwirizano udali wakufa. Blenkarn sadapeze umwini, ndiye analibe choti apereke kwa a Cundy, ngakhale iwo adagula mosadziwa ndi kulipira. Munthu sangapereke chimene alibe.

Kunena zoona mzere umenewu ndi wowawa. Wogula wosalakwa amapindula kapena kutaya chifukwa cha mmene wakuba adalankhulira ndi munthu wina, zomwe iye sakadadziwa. Mu Shogun Finance v Hudson wa 2003 oweruza awiri mwa asanu adafuna kuti kusiyanitsaku kuchoke, koma atatu adakusunga. Pa mayeso tchulani madandaulo amenewa, koma kumbukirani kuti zigamulo za ku Mangalande za masiku ano zimangounikira makhoti athu, siziwamanga.

Mayi Asiyatu akadatani kuti apulumutse injini yawo?

Akadathetsa mgwirizano lisadafike Lachitatu. Njira yake ndi kumuuza mnzakoyo momveka kuti wauthetsa, kapena kutenganso katunduyo. Ngati wathawa dala, Car and Universal Finance v Caldwell wa 1965 akuti kuchita zonse zotheka poonetsa cholinga chako, monga kukanena kupolisi nthawi yomweyo, n'kokwanira.

Mphamvu yothetsa imatayika m'njira zinayi. Yoyamba ndi kupitiriza mgwirizano utadziwa choonadi, monga wogula lole mu Long v Lloyd wa 1958, yemwe adavomera kugawana mtengo wokonzetsera n'kuitumizanso pa ulendo. Yachiwiri ndi kuchedwa: mu Leaf v International Galleries wa 1950 padapita zaka 5. Yachitatu ndi kulephera kubweza chomwe udalandira. Matumba a usipa omwe wagulitsa kale ku Limbe sungawabweze. Yachinayi ndi ya a Twaibu ija. Wakufa ulibe zotchinga zoterezi, ndipo kuuvomereza pambuyo pake sikuudzutsa.

Ngati khoti silingathandize, wosakakamizika uli ndi phindu lanji?

Lalikulu ndithu. Lamulo la malire a nthawi yosumira, Chaputala 6:02, limapereka zaka 6 pa mlandu wa mgwirizano wamba, kuwerengera tsiku lomwe ufulu wosuma udayamba. A Mdala abwereketsa K800,000 kwa wamalonda wa ku Namwera yoti abweze mu Januwale 2017, ndipo akhala chete mpaka 2024. Wangongoleyo akatchula lamuloli poyankha mlandu, a Mdala agonja. Koma ngongole ilipobe. Akailipira mwa kufuna kwake, sangabwerenso kudzati andibwezere. Akadalipirako pang'ono mu 2020, kapena kuvomera ngongoleyo m'kalata yosainidwa, zaka 6 zikadayambira pomwepo.

Chitsanzo china ndi lonjezo lolipirira mnzako ngongole iye akalephera. Gawo 4 la Statute of Frauds ya 1677, imodzi mwa malamulo a ku Mangalande omwe tidalandira mu 1902, limafuna umboni wolembedwa ndi wosainidwa ndi wolonjezayo. Lonjezo la pakamwa si lakufa. Kalata yosainidwa yolembedwa pambuyo pake, mlandu usadayambe, ikhoza kukwanira.

Mnzako akaswa mgwirizano iwe n'kuusiya, kodi umenewo ndi wotheka kuthetsedwa?

Ayi. Wotheka kuthetsedwa umakhala ndi chilema pa tsiku loupanga, ndipo ukathetsedwa aliyense amabweza zomwe adalandira. Woswedwa udapangidwa bwinobwino. Kuusiya kumaimitsa maudindo a m'tsogolo okha, ndipo chipukuta misozi chimakhalapobe.

Pa mayeso tiyankhe motani?

Yambani ndi kutchula chilema ndi nthawi yomwe chidalowa. Kenako nenani mtundu wa mgwirizano, ndi mlandu kapena gawo la lamulo lokuikirani kumbuyo. Lembani masiku motsatana: logulitsa, logulitsanso, lodziwa choonadi, lothetsa. Mukaona munthu wachitatu m'funso, onani ngati adalipira, ngati ankadziwa za chinyengocho, ndiponso ngati adagula mgwirizano woyamba usadathetsedwe. Pomaliza uzani aliyense chomwe angapeze ndi yemwe angamusumire.