Mbewu ndi feteleza zimene zafika m'sitolo yathu pa Lunzu, ulimi wa 2025/2026

Tikudziwitsa alimi a ku Lunzu, Lirangwe, Chileka, Mdeka ndi madera ena a boma la Blantyre kuti katundu wa ulimi wa chaka chino wafika, ndipo m'munsimu talemba zimene zilipo, kuchuluka kwake, mbewu zoyenera feteleza aliyense, tsiku lotha mphamvu ndi kasungidwe kake. Mitengo taikhoma pakhomo la sitolo chifukwa ikusinthasintha, koma masiku amene talemba pano ndi omwewo amene mudzawapeze pa mapaketi ndi pa matumba, ndipo tikupempha aliyense kuti adziwerengere yekha asanapereke ndalama.

Tiyambe ndi chimanga. Mbewu ya haibulidi ya SC 403, imene ambiri amaidziwa ndi dzina loti Kanyani, tili nayo mapaketi 300 a makilogalamu 2 ndi mapaketi 120 a makilogalamu 5. Mbewuyi inayesedwa kameredwe kake mu Ogasiti 2025, ndipo ibzalidwe pasanafike pa 30 Epulo 2026. Ndi yocha msanga, n'chifukwa chake timailimbikitsa kwa alimi a kumunsi kuno, cha ku Mdeka ndi ku Kunthembwe, kumene mvula imachedwa kuyamba n'kudukiza chimanga chikumasula. DK 8033 tili nayo mapaketi 200 a makilogalamu 2, yotha mphamvu pa 31 Meyi 2026. SC 719, yotchedwa Njobvu, taitanitsa yochepa, mapaketi 40 okha a makilogalamu 5, yotha pa 30 Epulo 2026, pakuti imachedwa kucha ndipo imafuna malo a mvula yambiri ndi yokhalitsa. Kunena zoona, mlimi wa kuchigwa amene wakopeka ndi kukula kwa zisononkho zake timamulangiza kuti aisiye, ngakhale kutero kumatitayitsa malonda.

Kwa amene sangathe kugula mbewu chaka ndi chaka, pali ZM 523, mapaketi 150 a makilogalamu 2, yotha pa 31 Malichi 2026. Imeneyi si haibulidi, choncho mlimi akhoza kusankha zisononkho zabwino za pakati pa munda n'kubzalanso kwa zaka ziwiri kapena zitatu. Haibulidi sabwereza, chifukwa zokolola zimatsika kwambiri chaka chachiwiri.

Pa kuchuluka kwa mbewu, mukatsata kabzalidwe ka Sasakawa, mizere yotalikirana masentimita 75, mapando otalikirana masentimita 25 ndi njere imodzi pa phando, ekala imodzi imafuna makilogalamu 10 ndipo hekitala imafuna makilogalamu 25. Mbewu yonse ya chimanga ndi yothiridwa mankhwala, n'chifukwa chake ili ndi utoto. Isadyedwe, isaperekedwe kwa nkhuku kapena nkhumba, ndipo wobzala asambe m'manja ndi sopo asanagwire chakudya.

Za m'gulu la nyemba zilipo izi. Nandolo wa Mwaiwathualimi, woyenera kubzala pakati pa chimanga monga timachitira kuno kummwera, alipo mapaketi 100 a makilogalamu 2, wotha pa 30 Juni 2026. Mtedza wa CG 7, wofiira uja wamafuta ambiri, ulipo mapaketi 60 a makilogalamu 5, wotha pa 28 Febuluwale 2026. Nyemba za NUA 45 zilipo mapaketi 80 a kilogalamu imodzi, zotha pa 30 Epulo 2026. Soya wa Tikolore alipo mapaketi 70 a makilogalamu 5, ndipo tsiku lake ndi 31 Januwale 2026.

Soya ndiye amafuna chisamaliro choposa mbewu zonsezi. Njere yake imafa msanga ikakhala pamalo otentha, ndipo khungu lake limang'aluka thumba likaponyedwa pansi kuchokera pa njinga kapena pa galimoto, moti soya wooneka bwinobwino akhoza kumera theka lokha. Amene agula soya ayenera kumubzala nyengo yomwe ino, asamusungire chaka chamawa. Tilinso ndi timapaketi 50 ta inokulanti, mankhwala a tizilombo tamoyo tothandiza mizu ya soya kupanga timatuza tokoka chonde kuchokera mumpweya. Timeneti tikutha mphamvu pa 31 Disembala 2025, patsala nthawi yochepa, choncho mugule pokhapokha ngati mubzala isanathe Disembala. Sungani pamalo ozizira ndi amdima, sakanizani ndi mbewu pamthunzi, ndipo mubzale tsiku lomwelo.

Feteleza wokulitsa wa NPK 23:10:5+6S+1.0Zn tili naye matumba 400 a makilogalamu 50, ndi ena 100 a makilogalamu 10 a alimi a minda yaing'ono ndi madimba. Ndi wa chimanga, mapira ndi mpunga, ndipo pa chimanga athiridwe pobzala kapena pasanathe sabata chimera. Wobereketsa wa Yureya, amene ali ndi nayitirojeni 46 pa 100, alipo matumba 450 a makilogalamu 50, ndipo amathiridwa patatha masabata atatu kapena anayi chimanga chitamera. Onse awiri anapakidwa mu Julayi 2025, ndipo pa matumba palembedwa kuti agwiritsidwe ntchito pasanafike Julayi 2027. Hekitala ya chimanga imafuna matumba awiri a wokulitsa ndi atatu a Yureya, onse a makilogalamu 50. Yureya asamwazidwe pamwamba pa nthaka, chifukwa mphamvu yake imauluka ndi dzuwa. Boolani kadzenje pambali pa phesi, thirani, kwirirani, ndipo nthaka ikhale yonyowa.

D Kompaundi, woyenera mbatatesi, tomato, kabichi ndi ndiwo zina zamasamba, alipo matumba 60, wotha mu Juni 2027. Tilinso ndi matumba 18 a CAN otsala chaka chatha, otha mu Meyi 2026. Ena mwa iwo ayamba kuchita timibulu m'makona, ndipo tawaika padera pa mtengo wotsika kuti wogula aziona yekha. Timibuluti timaphwanyika ndi dzanja ndipo fetelezayo agwirabe ntchito pa chimanga ndi masamba, koma asasungidwenso.

Feteleza saola ngati ufa, chimene chimamuwononga ndi chinyontho. Yureya ndi CAN amakoka madzi kuchokera mumpweya, ndipo thumba loikidwa pa simenti kapena pa dothi limanyowa kunsi kwake, feteleza n'kusungunuka kapena kuuma gwa ngati mwala. Chaka chatha mayi wina wa cha ku Matindi anagula matumba awiri mu Okutobala n'kuwatsamiritsa kukhoma la khitchini limene linkadontha, ndipo pofika nthawi yobereketsa anapeza thumba limodzi litasanduka chibuma, pansi pali madzi oterera. Tinamva chisoni kwambiri, chifukwa anachita kugulitsa mbuzi kuti agule matumbawo. Choncho sanjani matumba pa matabwa kapena pa mitengo, atalikirane ndi khoma, asafikidwe ndi dzuwa kapena moto, ndipo thumba lotsegula mumange ndi chingwe pamodzi ndi pulasitiki yake yam'kati. Ana ndi ziweto asafike pamenepo, ndipo chakudya chisakhale pafupi.

Mbewu nayo ndi yamoyo, ndipo imafa ndi kutentha ndi chinyontho. Isaikidwe pafupi ndi malata, pamwamba pa matumba a feteleza kapena m'nyumba yophikira. Paketi isatsegulidwe mpaka tsiku lobzala, kupatula yoyesera kameredwe, ndipo chiphaso chake ndi lisiti musunge mpaka mbewu itamera. Mbewu yogulitsidwa pa mbale m'misika, yopanda chiphaso ndi tsiku, nthawi zina imakhala chimanga cha m'nkhokwe chongopakidwa utoto.

Amene akukayika kameredwe ka mbewu imene wagula kwa ife atenge paketi imodzi, awerenge njere 100, azibzale mu mchenga wonyowa pamthunzi, ndipo awerenge zomera pakatha masiku 7. Ngati chimanga chamera chosakwana 90, abwere ndi paketiyo pamodzi ndi lisiti mvula yobzalira isanagwe, ndipo tidzamusinthira. Sitolo ili pamsika wa Lunzu, m'mbali mwa msewu wa M1, ndipo imatsegulidwa kuyambira Lolemba mpaka Loweruka, 7 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo.