Pempho Loti Mundisungire Malo ku Bunda kwa Chaka Chimodzi

Chamama,
Kasungu.

15 Sepitembala 2025

Mlembi Wamkulu,
Yunivesite ya LUANAR,
Bokosi 219,
Lilongwe.

Bwana,

PEMPHO LOCHEDWETSA KUYAMBA MAPHUNZIRO NDI CHAKA CHIMODZI

Ine ndine Madalitso Phiri, mmodzi mwa ophunzira amene bungwe la NCHE lasankha kuti akachite digiri ya za ulimi wa mbewu ku Bunda m'chaka cha maphunziro cha 2025/2026. Malowo ndawalandira ndi manja awiri. Ndikupempha kuti mundilole kudzayamba m'chaka cha 2026/2027, ndipo kuti dzina langa lisafufutidwe m'kaundula wanu kufikira nthawi imeneyo.

Chandigwira mwendo ndi matenda a bambo anga. Pa 9 Ogasiti chaka chino anagwa ali kudimba, ndipo kuchipatala cha boma cha Kasungu anatiuza kuti ndi sitiroko. Anagonekedwa masabata awiri. Panopa ali kunyumba, koma mbali yonse ya kumanja inafa: dzanja silitha kugwira ngakhale supuni, mwendo amachita kukoka, ndipo mawu amatuluka movutikira. Adokotala anatilangiza kuti tiziwachititsa mafizo tsiku ndi tsiku komanso kupita nawo kuchipatala kawiri pa mwezi, chifukwa miyezi yoyambirirayi ndi imene munthu amatha kubwezeretsa mphamvu akamasamalidwa bwino.

Amayi anatisiya mu 2021. Ana tilipo atatu ndipo wamkulu ndine. Mng'ono wanga ali Fomu 4 pasukulu yogonera komweko, mlongo wathu ali Sitandade 7. Azakhali amabwera kudzatiphikira akapeza mpata, koma kusambitsa bambo, kuwaveka ndi kuwaperekeza kuchimbudzi usiku, kwathu kuno ndi ntchito ya mwana wamwamuna. Sindingamutule katundu ameneyu mtsikana wa zaka 13, ndipo kumuchotsa mng'ono wanga m'kalasi chaka cha mayeso kungakhale kumupha tsogolo kuti langa liyende.

Palinso za kumunda. Asanadwale, bambo anali atasaina kale mgwirizano wolima fodya wa bale pa ekala ziwiri, wotenga mbewu ndi feteleza pa ngongole yodzabweza pogulitsa. Nazale ndafesa ndekha, ndipo m'mawa ndi madzulo ndimakhala ndi keni m'manja kuthirira mabedi. Mvula ikagwa tidzawokera, kenako kuthyola, kusoka, kuyanika m'chigafa, kusankha ndi kudinda mabelo, mpaka fodya akalowe kumsika wa Chinkhoma chaka chamawa. Ndikachoka pakati pa ntchitoyi ngongole idzatsala pakhomo, ndipo ndalama ya mankhwala a bambo, ya sukulu ya abale anga, ngakhale yanga yomwe ya ku Bunda, sidzaoneka. Ndinaganizapo zobwera kudzayamba n'kumathamangira kunyumba Lachisanu lililonse, koma ndinaona kuti ndikhala ndikudzinamiza. Thiransipoti yake sindingaikwanitse, ndipo ndingadzalephere mayeso pamalo amene ena ambiri anawafuna osawapeza.

Ndapempha chaka chimodzi chokha chifukwa ndawerengera bwino. Pofika pakati pa 2026 mng'ono wanga adzakhala atalemba mayeso a MSCE ndipo adzabwera kudzakhala ndi bambo. Fodya adzakhala atagulitsidwa, ngongole itabwezedwa. Pamsonkhano wa banja umene tinachita ndi amalume ndi azakhali tinagwirizana kuti chaka chamawa sitidzatenganso ngongole ya fodya, tidzalima chimanga, soya ndi mtedza zimene sizifuna manja ambiri. Sindidzabweranso ndi pempho lachiwiri.

Mapointi 14 amene ndinapeza pa MSCE ndinawavutikira, ndipo maphunziro a ulimi ndinachita kuwasankha ndekha. Ndakulira m'munda umene nthaka yake ikutha mphamvu chaka ndi chaka, ndipo ndikufuna kudziwa chochita nayo. Bambo atamva kuti dzina langa latuluka anayenda khomo ndi khomo kuuza anthu. Lero, ngakhale kuyankhula kukuwavuta, amandifunsabe kuti, "Kusukulu upita liti?"

Ngati pempholi lavomerezedwa, chonde mundiyankhe m'kalata kuti ndikhale ndi umboni. Mundiuzenso ngati pali fomu yoti ndidzaze kapena ndalama yoti ndilipire panopa kuti malowo asungike, tsiku limene ndiyenera kudzatsimikiza kuti ndikubwera, komanso ngati ofesi yanu ingandipatse kalata yokasonyeza kubungwe lopereka ngongole kwa ophunzira a m'mayunivesite ndikamadzapempha ngongole ya chaka chamawa. Mukafuna kuti ndifike ndekha ku Bunda kudzafotokoza, ndidzapempha amalume adzakhale ndi bambo tsiku limenelo.

Pamodzi ndi kalatayi ndatumiza makope a kalata yondipatsa malo, zotsatira zanga za MSCE, chiphaso changa cha unzika, kalata ya adokotala ndi kalata ya a mfumu a m'mudzi mwathu.

Ine wanu wokhulupirika,

Madalitso Phiri