Mauthenga a Ana a Mayi Mmodzi

Lolemba, 3 Juni 2024

Mlongo (06:12): Achimwene, ndine mlongo wanu, ngati nambala yanga munaifufuta. Mayi anagwa dzulo madzulo akuchokera kubafa, ndipo agonekedwa m'chipatala. Madokotala akuti ndi sitiroko. Sindikukupemphani kanthu, koma ndaona kuti si bwino kuti nkhaniyi muimve kwa anthu ena.

Achimwene (11:48): Nambala yako sindinaifufute. Uthengawu unafika kuno kuli pakati pa usiku, ndipo ndauona pamene ndimadzuka. Afa ziwalo mbali iti? Kodi akutha kumeza?

Mlongo (11:55): Afa mbali ya kumanja, mkono ndi mwendo womwe, ndipo mawu sakutuluka. Akumva zimene tikulankhula, chifukwa ndikawafunsa akugwedeza mutu, koma akafuna kuyankha milomo ikungonjenjemera, kenako akutembenukira kukhoma.

Achimwene (11:58): Usawamwetse madzi kapena kuwadyetsa chilichonse anamwino asanaone ngati akumeza bwino, chifukwa zikalowera kumapapo adwala chibayo. Unditumizire nambala ya akaunti kuti nditumize ndalama lero lomwe.

Mlongo (12:20): Ndimadziwa kuti mufulumira kutchula ndalama. Mu 2019 munachitanso chimodzimodzi, ndipo ndalama zanuzo sizinanyamule bokosi la bambo.

Achimwene (12:21): Uthenga uwu wafufutidwa.

Lachitatu, 5 Juni 2024

Mlongo (23:40, uthenga wa mawu, 1:52): Ndikulankhula chapansipansi chifukwa ndili pakhonde la wodi, ndipo ena agona. Ndakhala ndikulemba ndi kufufuta, choncho ndibwino ndingolankhula. Pamaliro a bambo anthu ankandifunsa mmodzimmodzi kuti mwana wamwamuna afika liti, ndipo ine ndinkayankha kuti muli m'njira, chifukwa inu munandiuza kuti mukufunafuna ndege. Tinachedwetsa mwambo wonse kudikira inu. Mayi anakhala moyang'ana kumsewu mpaka dzuwa linapendeka, ndipo galimoto iliyonse ikamveka ankadzutsa mutu. Pamene ndinakulemberani kuti kwa ine munafa tsiku lomwelo, ndinkayembekeza kuti mundikalipira kapena mudziteteza, koma inu munangokhala chete zaka 5. Kukhala chete kwanuko kunandipweteka kuposa kusabwera kuja.

Lachinayi, 6 Juni 2024

Achimwene (04:15, uthenga wa mawu, 2:47): Mlongo wanga, phokoso ukulimvalo ndi la makina ochapira, chifukwa ndi chipinda chokhacho chimene ndingalankhulemo popanda wondimva. Ine sindigwira ntchito muofesi, ndipo sindinagwirepo. Chithunzi cha tayi chija ndinajambulitsa pakhomo la nyumba ya eni ake. Ndimagwira ntchito usiku kunyumba yosamalirako okalamba: ndimawasambitsa, ndimawasintha zovala akadziyipitsira, ndipo amene sangathe kudzitembenuza ndimawatembenuza pakatha maola awiri aliwonse. Mapepala anga okhalira kuno anatha mu 2017. Munthu wopanda mapepala kutuluka amatuluka, koma khomo limatsekeka kumbuyo kwake, ndipo nthawi imeneyo ngongole ya ulendo wanga inali isanathe, iwenso unali usanamalize sukulu. Usiku umene munkagona pamaliro ine ndinali kumeta ndevu bambo a munthu wina. Ndinanama za ndege chifukwa ndinaona kuti kulibwino mundiyese wouma mtima kusiyana n'kuti mudziwe kuti munagulitsa munda kuti mutumize kunja munthu wokatola matewera a nkhalamba. Mayi okha ndiwo ankadziwa. Ndinawauza mu 2021, ndipo ndinawapempha kuti asakuuze.

Mlongo (07:03): Ndamvera kawiri. Ndiye kuti inu ndi mayi munkalankhulana ine osadziwa?

Achimwene (11:30): Tinkalankhulana kamodzi pamwezi, pa foni ya mnzawo wa kutchalitchi. Ankati ukadziwa udzaona ngati akusankha pakati pa ana awo.

Mlongo (11:41): Ine ndinkabisa dzina lanu m'nyumba kuti ndisawalize, pamene iwo ankabisa mawu anu kuti ndisakwiye. Sindikudziwa kuti ndikwiyire ndani tsopano, popeza mmodzi ali kutali ndipo winayo sangathe kundiyankha.

Lamulungu, 9 Juni 2024

Mlongo (15:26): Atitulutsa Lachisanu. Atipatsa mankhwala a kuthamanga kwa magazi, ndipo akuti tizipita nawo ku fiziyo. Pamsana chakumunsi paoneka malo amene khungu lasintha mtundu ndipo pakutentha. Popeza mwati iyi ndi ntchito yanu, ndiuzeni chochita.

Achimwene (15:34, uthenga wa mawu, 1:38): Chimenecho ndi chiyambi cha chilonda cha pogona, ndipo chikaboola chimavuta kupola. Asagonerenso malo amenewo. Uziwatembenuza pakatha maola awiri, usiku womwe, ndipo uziika pilo pakati pa maondo ndi wina pansi pa miyendo kuti zidendene zisakhudze matiresi. Malowo usawatikite, ungowasunga oyera ndi ouma, ndipo uwaonetse anamwino. Powadzutsa usawakoke mkono wakumanjawo, chifukwa phewa la mkono wakufa limaguluka mosavuta. Uziwagwira kumsana ndi m'chiuno, iwe utapinda maondo kuti nawenso usathyoke msana. Powadyetsa akhale tsonga, ndipo asagone atangomaliza kudya. Chinanso, uyese kuwaimbira nyimbo imene amaidziwa bwino. Kuno ndaona anthu amene analephera kutchula dzina la mwana wawo akuimba ndime yathunthu.

Mlongo (15:50): Mukulankhula ngati munthu wodziwa ntchito yake. Sindikumvetsa chimene munachitira nayo manyazi, chifukwa sabata ino ndaigwira ndekha ndipo ndaona kulemera kwake.

Lachisanu, 14 Juni 2024

Mlongo (18:05, uthenga wa mawu, 0:58): Tamverani. Amene akutsatira pambuyo pangawo ndi mayi. Ndi nyimbo ija bambo anaipeka yotinyoza tikachedwa kudzuka. Mawu ena akuwameza, koma pamene pali dzina lanu alitchula bwinobwino, pamene langa alilumpha, ndipo ndawauza kuti nkhani imeneyi tidzaikamba akachira.

Achimwene (18:19): Ndatuluka panja kuti anzanga asandione nkhope. Ndakumana ndi loya wothandiza anthu obwera, ndipo akuti nkhani ya mapepala anga ingatenge nthawi yaitali, komanso sakulonjeza kuti itheka. Sindikufuna kukunamizanso za ndege. Ukandiuza kuti ndibwere, ndibwera, ngakhale ndikudziwa kuti kuno sindidzabwereranso.

Mlongo (19:02): Mtolo umenewo musandisenzetse ine, Achimwene. Mukabwera chifukwa choti ndanena, tsiku limene ndalama za fiziyo zidzasowe mudzandiyang'ana ine. Ganizani nokha, ndipo chimene mwasankha mukawauze mayi ndi pakamwa panu.

Mlongo (19:09): Za maliro a bambo sindinakhululuke, ndipo musaganize kuti nyimbo ija yathetsa nkhaniyo. Komabe mayi akufunika njinga ya olumala ndi matiresi ofewa, ndipo nambala ya akaunti ndakutumizirani. Mawa muimbe pa vidiyo nthawi ya 13:00 ya kuno, mukangoweruka, kuti mundionetse kawasamutsidwe kuchoka pabedi kupita pampando, chifukwa lero tinatsala pang'ono kugwa tonse awiri.

Achimwene (19:11): Ndiimba. Upeze lamba wachikopa wolimba kapena nsalu yaitali yowamanga m'chiuno, ndipo mpandowo uwuike kumbali yawo ya kumanzere.