Ziro, ruti, fakita ndi intasepiti: nambala imodzi, mayina anayi

Ophunzira anga a Fomu 3, ndalemba izi chifukwa cha zimene ndinaona pochonga ntchito yanu ya Lachinayi. Mtsikana wina anapeza bwinobwino mafakita a x² − 7x + 10, osalakwitsa ngakhale pamodzi. Funso lotsatira linafuna maziro a polinomiyo yomweyo, ndipo anasiya malo osalemba kanthu. Nditamufunsa anati, "Aphunzitsi, maziro simunatiphunzitse." Zinandikhudza kwambiri, pakuti yankho linali kale m'kope mwakemo, mzere umodzi pamwamba pake. Vuto linali langa: ndinakupatsani mawu anayi pa masiku anayi osiyana, osakuuzani kuti onse akuloza chinthu chimodzi.

Taganizani za bambo wina wa ku doko la ku Malindi. Ana ake amati ababa. Ana a mlongo wake amati amalume. Asodzi anzake amati atcheya, popeza ndiye amatsogolera komiti ya pa doko. Amayi ogula usipa amangoti eni bwato. Munthu ndi yemweyo, dzina limasintha malinga ndi amene akumuitana. Nambala imene tikuisaka pano ilinso choncho.

Polinomiyo yathu ndi iyi:

f(x) = x² − 7x + 10

Pamalo pa x tiikepo nambala zosiyanasiyana tione chimene chituluke. Tikaika 0 tipeza 10. Tikaika 1 tipeza 4. Tikaika 2 tipeza 4 − 14 + 10, yomwe ndi 0. Pa 3 tipeza −2, pa 4 tipezanso −2, pa 5 tipeza 25 − 35 + 10, yomwe ndi 0 kachiwiri, ndipo pa 6 tibwerera ku 4.

Nambala ziwiri, 2 ndi 5, zachititsa kuti polinomiyo yonse itulutse 0. Zimenezi ndiye maziro a polinomiyo. Chenjerani pano: ziro wa polinomiyo si nambala 0 ayi, koma ndi nambala imene mukailowetsa, yankho limakhala 0. Ambiri mukamva "pezani ziro" mumathamangira kuika x = 0, n'kulemba 10. Nambala 10 imeneyo ndi pamene girafu yadula mzere wa y, nkhani ina.

Tsopano wina alembe kuti x² − 7x + 10 = 0, n'kutiuza kuti tipeze x. Imeneyi ndi ikweshoni chifukwa ili ndi chizindikiro cha =, ndipo mayankho ake amatchedwa maruti. Ndi nambala ziti zikwanira? Ndi 2 ndi 5 zomwe zija. Tikamakamba za fankishoni kapena polinomiyo timati ziro, tikamakamba za ikweshoni timati ruti, ndipo mabuku ena amangosakaniza mawu awiriwa. Musasokoneze ruti ameneyu ndi sikweya ruti.

Fakita ndiye amafuna kuti tidekhe. Mukudziwa kuti 3 ndi 4 ndi mafakita a 12 chifukwa 3 × 4 = 12, ndipo akagawa 12 sipatsala kanthu. Polinomiyo nayonso imaphwanyika chimodzimodzi:

x² − 7x + 10 = (x − 2)(x − 5)

Tsegulani mabulaketi muone nokha kuti zikubwerera pomwe tinayambira. Nanga n'chifukwa chiyani 2 ndi 5 zaonekeranso muno? Mukachulukitsa nambala ziwiri yankho n'kukhala 0, ndiye kuti imodzi mwa izo ndi 0. Palibe njira ina. Choncho (x − 2)(x − 5) ikhala 0 pokhapokha x − 2 = 0 kapena x − 5 = 0, kutanthauza x = 2 kapena x = 5. Fakita aliyense wa mtunduwu wanyamula ruti m'mimba mwake. Lamuloli limayenda mbali zonse ziwiri: ngati f(a) = 0, ndiye kuti (x − a) ndi fakita, ndipo ngati (x − a) ndi fakita, ndiye kuti f(a) = 0.

Apa ndi pamene malikisi amatayika chaka ndi chaka, pa chizindikiro. Ruti ndi 2, koma fakita ndi (x − 2). Ruti akakhala −3, fakita ndi (x + 3). Musaloweze pamtima ngati nyimbo. Dzifunseni kuti, ndi nambala iti imene ichititse bulaketi iyi kukhala 0? Pa (x + 3) ndi −3. Pa (2x − 1) ndi ½.

Dzina lachinayi limachokera ku girafu. Yerekezani kuti mzere wa x ndi pamwamba pa madzi a nyanja m'mamawa kuli bata, mwera usanayambe. Mnyamata wadumpha kuchoka pa thanthwe, walowa m'madzi, wamira pang'ono, watulukira patsogolo. Nambala tinapeza zija zikujambula ulendo womwewo: 10, 4, 0, −2, −2, 0, 4. Pamene pali mainasi ali pansi pa madzi. Polowera pake ndi x = 2, potulukira ndi x = 5, ndipo malo awiriwa ndiwo maintasepiti a x. Pamwamba penipeni pa madzi y amakhala 0, n'chifukwa chake nambala zake ndi zomwe zija. Kusiyana kuli pa kalembedwe basi: intasepiti ndi malo pa girafu, ndiye timalemba (2, 0) ndi (5, 0).

Phindu lake limaoneka funso likakula. Tengani g(x) = x³ − 4x² + x + 6. Kuiphwanya ndi maso okha n'kovuta. Yesani nambala zimene zimagawa 6. Pa x = 1 tipeza 4, ayi. Pa x = −1 tipeza −1 − 4 − 1 + 6 = 0. Pomwepo mwadziwa zinthu zinayi nthawi imodzi: −1 ndi ziro, ndi ruti wa g(x) = 0, (x + 1) ndi fakita, ndipo girafu ikudutsa pa (−1, 0). Gawani g(x) ndi (x + 1), mupeza x² − 5x + 6, yomwe ndi (x − 2)(x − 3). Maruti onse ndi −1, 2 ndi 3.

Mungathenso kuyenda chobwerera. Girafu ya kwadiratiki ikadula mzere wa x pa −1 ndi pa 4, mafakita ndi (x + 1) ndi (x − 4), ndipo polinomiyo ingakhale x² − 3x − 4. Ndati "ingakhale" dala, chifukwa 2x² − 6x − 8 nayonso imadula pa malo omwewo. Kuti mudziwe yeniyeni pamafunika malo enanso amodzi a pa girafupo.

Si girafu iliyonse imamira. Nkhwazi imatsika, n'kukhudza madzi, n'kukweranso ndi nsomba yake. Ndi mmene ilili x² − 6x + 9 = (x − 3)²: fakita ndi mmodzi koma wabwera kawiri, ruti ndi 3 wobwereza, ndipo girafu imangokhudza pa (3, 0) osadutsa. Nthawi zina mbalame imatsika n'kukwera isanafike pa madzi. Pa x² + 1, nambala iliyonse imene mungaike, yankho silitsika pansi pa 1. Palibe intasepiti ya x, palibe ruti pakati pa nambala zimene timagwiritsa ntchito ku sekondale, ndipo siiphwanyika kukhala mabulaketi ngati (x − a). Chimodzi chikasowa, zonse zinayi zasowa. Ku yunivesite mudzakumana ndi mtundu wina wa nambala umene umapatsa x² + 1 maruti, koma amenewo saoneka pa mzere wa x.

Lolemba mubwere mutachita izi m'makope: tengani h(x) = x² + x − 12, mupeze mafakita ake, kenako osawerengeranso china mulembe maziro ake, maruti a h(x) = 0 ndi maintasepiti a x. Mujambulenso girafu yake papepala la timabokosi, muzunguze ndi pensulo pamene mnyamata walowa m'madzi ndi pamene watulukira.