Za Sabata Ino ku Harare: maliro ku Mufakose, zitupa, madzi, ulendo wa Disembala

Moni nonse abale, amayi ndi abambo, nkhani za sabata ino ndi izi. Amene muli ndi agogo pakhomo muwawerengereko chonde makamaka ya zitupayo.

ZOVUTA KU MUFAKOSE
Tiyambe ndi chisoni. Agogo athu aamuna aja ochokera ku Dedza, amene anagwira ntchito kunjanji mpaka kupuma, anatisiya Lolemba usiku ndipo tinawaika Lachinayi ku Granville, kumene ambirife timangoti ku Mbudzi. Zikomo azimayi a chigwirizano, munagona pa siwa masiku atatu osadandaula, zikomonso anyamata amene munathamanga ndi nkhuni ndi madzi. Chipepeso cha sosaite ndi $2 banja lililonse, mabanja angapo sanaperekebe, kaonaneni ndi asungichuma Lamulungu tikaweruka kutchalitchi. Agogo aakazi atsala ndi zidzukulu ziwiri, kukangowaona ngakhale mulibe kanthu m'manja nkofunika.

ZITUPA
Iyi ndiye yandikhudza kwambiri sabata ino. Pamaliro pomwepo ndinakhala pafupi ndi mayi wina, anabadwira ku Mbare, wakulira konkuno, Malawi sanamuonepo ndi maso, koma atamasula kansalu kamene amamangapo chitupa chake chija chachitsulo ndinaona chidakali cholembedwa ALIEN, kutanthauza kuti mlendo osati nzika, ana ake awiri alibe setifiketi yobadwira ndipo wamkulu akuyandikira mayeso a giredi 7. Akuti amaopa kupita kuofesi kuti mwina akamuthamangitsa. Mtima unandiwawa abale.

Tamvani bwino. Malamulo aakulu a dziko lino a 2013, gawo 43, amanena kuti munthu amene anabadwira mu Zimbabwe malamulowo asanatuluke, kholo lake limodzi kapena onse awiri ali nzika ya dziko la SADC ngati Malawi, Mozambique kapena Zambia, ndipo iye ankakhala konkuno nthawi imeneyo, ameneyo ndi nzika mwa kubadwa. Sakupempha chifundo ayi, ndi ufulu wake. Chofunika nkupita kuofesi yolembetsa anthu, ku Makombe kapena ya dera lanu, mutanyamula setifiketi yobadwira ndi chitupa chakalecho kuti chisinthidwe. Loweruka 9 koloko m'mawa tikhala paholo ya tchalitchi ku Highfield kuthandizana kuona mapepala, bwerani ndi chilichonse chimene muli nacho ngakhale chong'ambika, khadi ya ubatizo, ya kusikelo, kalata ya kusukulu, tikaonere limodzi. Osapereka ndalama kwa munthu wapanja amene akuti akudumphitsani mzere.

MADZI
Ku Mabvuku ndi Tafara mipopi ili gwa, kwathu kuno anangodontha Lachiwiri m'bandakucha ndowa ziwiri basi, pamjigo mzere ukuyamba 4 koloko. Mvula ili pafupi ndipo mukukumbukira kolera ya 2008 ndi ya 2018 mmene inavutira ku Budiriro ndi Glen View, nde madzi a pachitsime wiritsani kapena thirani mankhwala. Wina akayamba kutsegula m'mimba, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni ya mchere mu lita imodzi ya madzi abwino, azimwa muli panjira yopita kukiliniki, osadikira kuche.

MSIKA
Ku Mbare Musika tomato watsikako, mango ayamba kuoneka. Vuto ndi tchenji, ma ZiG ang'onoang'ono akusowa mu kombi, nyamulani yokwanira.

OPITA KUMUDZI
Masukulu akatseka kumayambiriro a Disembala mabasi a ku Blantyre ndi Lilongwe amadzaza msanga, bukani pano. Njira ndi yomwe ija, Nyamapanda, Tete, kenako Zobue nkulowera Mwanza, a ku Lilongwe ena amadzera ku Dedza. Onani pasipoti yanu lero kuti itha liti, chaka chatha m'bale wina anabwezedwa paboda ndi ana ndi katundu yense chifukwa inali itatha iye osadziwa. Mukamayenda ndi mwana amene si wanu pitani ndi kalata ya makolo ake yolumbirira. Otumiza katundu kudzera kwa oyenda, musamapereke chikwama chomata, tsegulani aone yekha zimene wanyamula.

ANA NDI CHICHEWA
Kalasi ija ya Loweruka masana ku Dzivarasekwa ikupitirira, sabata yatha ana anaphunzira kupereka moni kwa akulu ndi nthano ya kalulu, kamtsikana kena kanakafunsa agogo ake kuti mwadzuka bwanji agogo, iwo misozi mbwee. Tikusowa mphunzitsi wina mmodzi ndi choko.

Amene muli ndi uthenga wa ukwati, chinkhoswe, matenda kapena ntchito, munditumizire pofika Lachitatu madzulo kuti ulowe m'kalata ya Lachisanu.

Ndine wanu,
mlembi wa sosaite