Makasitomala athu, werengani izi musanatumize chithunzi choti tichisandutse katuni

Nyengo ya maukwati yafika, ndipo pano pa Chitakale tikulandira zithunzi zambiri za pafoni zoti tizisandutse katuni kapena zooneka ngati zopenta pamanja, za pamakadi, matisheti ndi mafelemu. Zina tikumabweza. Pulogalamu yathu imatsata mizere ndi mithunzi yomwe ili kale pachithunzi, ndiye chikabwera chakuda kapena cha mbuu, katuniyo satuluka ndi nkhope yanu.

Yambani ndi kupukuta kagalasi ka kamera ndi kansalu kofewa. Jambulani m'mawa kapena chakumadzulo. Dzuwa likakhala paliwombo, mthunzi umagwera m'maso ndi kunsi kwa mphuno, ndipo pakatuni umasanduka zigamba zakuda ngati munthu wamenyedwa. Kukatentha imani pakhonde, nkhope iloze panja. Musaime chofulatira zenera kapena dzuwa. Tsiku la chiperoni musadandaule, mitambo imafewetsa kuwala bwino kwambiri, bola mukhale panja. Fulashi ayi. Zosalalitsa khungu za `Beauty` zimitsaninso, zimafufuta mizere yomwe ife tikuifuna.

Kenako onani zimene zili kumbuyo kwanu. Ndowa, zovala zapachingwe, njinga yotsamira khoma, mwana wosuzumira, zonsezi zimalowa m'katuni. Khoma losalemba kanthu kapena nsalu ya mtundu umodzi ndi zokwanira, ndipo muime mapazi awiri kapena atatu kutalikira khomalo. Tikudziwa kuti aliyense amafuna phiri la Mulanje ndi minda ya tiyi zioneke. Palibe vuto, koma nthambi kapena polo ya magetsi isaoneke ngati yamera pamutu panu. Ndipo amene wavala diresi yobiriwira asaime pakati pa tiyi, amasowa.

Musadule chithunzi nokha mopanikiza. Siyani mpata pamwamba pa mutu ndi m'mbali mwa mapewa, duku kapena chipewa chionekere chonse. Ngati mukudulabe, musadulire m'khosi, m'zigongono kapena m'mawondo. Osakoka munthu ndi zala paskirini pojambula. Sunthani nokha mumuyandikire.

Vuto lalikulu ndi kukula kwa chithunzi. Kuti A4 ituluke yowala pamafunika mapikiselo pafupifupi 2480 x 3508. Kamera ya 12 MP imapereka 4000 x 3000, zomwe zikukwana, ndipo manambalawa mungawaone pa `Details`. Koma WhatsApp imafinya chithunzi mukachitumiza mwa nthawi zonse, ndiye tumizani ngati `Document`. Inde, bandulo idyeka pang'ono, koma ndi mamegabaiti ochepa chabe. Zojambula paskirini, zotenga pa Facebook ndi zomwe zadutsa m'magulu angapo sitilandira. Funsani mwini foni yomwe inajambula akutumizireni chenichenicho.

Za agogo zakale zapapepala bwerani nazo kuno tidzazisikane tokha. Ngati zili kutali, zichotseni mufelemu, muziyale pathebulo pafupi ndi zenera, foni ikhale pamwamba molunjika, osapendeka.

Tumizani zithunzi ziwiri kapena zitatu tisankhepo, ndipo mutiuze ngati ndi za khadi, tisheti kapena felemu.